Mizere iwiri pa madontho amodzimodzi: y pa x, x pa y, ndi pamene r akulowerapo

Tsegulani Excel, mulembe manambala m'madanga awiri, kenako muyese malamulo atatu awa:

```
=CORREL(A2:A6,B2:B6)
=SLOPE(B2:B6,A2:A6)
=SLOPE(A2:A6,B2:B6)
```

Loyambalo limapereka kolereshoni, r, muyezo wa kulimba kwa ubale wa madanga awiriwo, ndipo mungalitembenuze mmene mungafunire, yankho silisintha. Awiri enawo, opereka silopu kapena kuti kupendekeka kwa mzere wodutsa pa madontho, amapereka mayankho osiyana, ndipo ambiri amaganiza kuti lachitatu ndi lachiwiri lomwelo loliyang'ana chadodolido, kuti silopu yoyamba ikakhala 4 ndiye inayo ikhala 0.25. Sizitero ayi. Imeneyi ndi mizere iwiri yosiyana, uliwonse uli ndi funso lake, ndipo amene wasankha wolakwika amapeza yankho looneka bwinobwino koma la funso lomwe sanafunse.

Tigwiritse ntchito manambala ongoyeserera, ochepa kuti aliyense athe kuwawerengera papepala. Tinene kuti pali alimi asanu a minda yofanana kukula. Chilembo x, m'danga A, chikuyimira matumba a feteleza amene aliyense anathira, y, m'danga B, ndi matumba a chimanga amene anakolola.

| x | 1 | 2 | 3 | 4 | 5 |
|---|---|---|---|---|---|
| y | 15 | 10 | 25 | 20 | 30 |

Avareji ya x ndi 3, ya y ndi 20. Tikachotsera avareji pa nambala iliyonse, x akutipatsa -2, -1, 0, 1, 2 ndipo y akutipatsa -5, -10, 5, 0, 10. Pamenepa tipeza manambala atatu okha, ndipo nkhani yonse yagona pa atatu amenewa. Kuchulukitsa zotsala za x, chilichonse ndi icho chomwe, n'kuwonkhetsa, tipeza `Sxx = 10`. Kuchita chimodzimodzi kwa y tipeza `Syy = 250`. Kuchulukitsa chotsala cha x ndi chinzake cha y, mlimi ndi mlimi, tipeza 10, 10, 0, 0 ndi 20, zomwe pamodzi ndi `Sxy = 40`. M'munsimu, b akuyimira silopu.

```
b(y pa x) = Sxy / Sxx          = 40/10  = 4
b(x pa y) = Sxy / Syy          = 40/250 = 0.16
r         = Sxy / √(Sxx × Syy) = 40/50  = 0.8
```

Taonani kuti pamwamba ponse pali 40 yemweyo. Chasintha ndi chogawira basi. Ligireshoni ya y pa x, yolosera y kuchokera ku x, imagawa ndi kumwazikana kwa x, ya x pa y imagawa ndi kumwazikana kwa y, pamene kolereshoni imatenga mbali zonse ziwiri mofanana. N'chifukwa chake r alibe nazo ntchito zoti mwayamba ndi danga liti, ndiponso n'chifukwa chake atatuwa sangasiyane chizindikiro: wina akakhala wochotsera, onse ndi ochotsera.

Mzere woyamba ndi `y = 8 + 4x`. Ukunena kuti pakati pa alimi awa, amene anathira thumba limodzi kuposa mnzake amayembekezeka kukolola matumba 4 kuposa mnzakeyo. Mzere wachiwiri ndi `x = -0.2 + 0.16y`. Kuti tiujambule pa girafu imodzi ndi woyamba uja, tiyenera kuutembenuza kuti y akhale payekha, ndipo umakhala `y = 1.25 + 6.25x`. Ndiye pa madontho asanu omwewo padutsa mizere iwiri, wina silopu 4, wina 6.25. Imakumana pamalo amodzi okha, pomwe x ndi 3 ndipo y ndi 20, pa maavareji aja. Ikachoka pamenepo imatanyula ngati sizasi.

Kutanyulako amakuyeza ndi r. Chulukitsani masilopu awiri aja: 4 kuchulukitsa ndi 0.16 ndi 0.64, ndipo 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 0.64 yemweyo. Izi sizinangochitika mwamwayi pa manambala anga, zimatero nthawi zonse, chifukwa `b(y pa x) × b(x pa y) = r²`. Madontho onse akanakhala pamzere umodzi ndendende, r akanakhala 1 kapena -1, mizere iwiriyo n'kugonerana kukhala umodzi, ndipo apo pokha ndi pamene silopu ina ikanakhaladi 0.25. Koma r akamatsikira ku 0, wa y pa x umagona chopingasa pa avareji ya y, wa x pa y umaimirira chilili pa avareji ya x.

Funso lenileni ndi lakuti n'chifukwa chiyani njira imodzi ikubala mizere iwiri. Yankho lili pa cholakwa chimene mzere uliwonse ukuyesetsa kuchepetsa. Wa y pa x umatenga x ngati chinthu chodziwika kale, n'kuyeza kuphonya kwake choimirira, kuchoka pa dontho kutsika kapena kukwera mpaka pamzere. Kwa alimi athu ukulosera 12, 16, 20, 24 ndi 28, choncho waphonya ndi 3, -6, 5, -4 ndi 2. Masikweya a zimenezi akukwana 90, ndipo palibe mzere wina wowongoka umene ungatsike kuposa apa. Mukayeza mzere wa 6.25 uja ndi muyezo womwewu mupeza pafupifupi 141. Koma iwo sunapangidwire zimenezo. Umatenga y ngati wodziwika, n'kuyeza kuphonya chopingasa, m'matumba a feteleza, ndipo pa muyezo umenewo ndi iwo umene ukupambana, ndi 3.6.

Chosangalatsa n'chakuti 90 pa 250 ndi 0.36, ndipo 3.6 pa 10 ndi 0.36 yemweyo. Mbali zonse ziwiri zasiya gawo lofanana losafotokozedwa, `1 - r²`. Choncho `RSQ`, lamulo la Excel lopereka r², sangakuuzeni mzere woyenera kusankha, ngakhalenso nambala ya p singathe, pakuti imatuluka yofanana kaya mwalemba `lm(y ~ x)` kaya `lm(x ~ y)` mu pulogalamu ya R. Amene amayesa zonse ziwiri kuti aone "yokwana bwino" akungotaya nthawi.

Pali njira ina yoonera ubale wa r ndi silopu, ndipo ine ndimaikonda kuposa zonse:

```
b(y pa x) = r × (sy / sx)
```

Apa `sy` ndi `sx` ndi masitandadi divieshoni, miyezo ya kumwazikana kwa y ndi x. Kwa ife, wa y ndi wamkulu kasanu kuposa wa x, ndiye silopu ndi 0.8 kuchulukitsa ndi 5, yomwe ndi 4. Mzere winawo, pa girafu yomweyo, ndi 5 kugawa ndi 0.8, yomwe ndi 6.25. Tanthauzo lake ndi ili: mlimi amene waposa anzake pa feteleza ndi sitandadi divieshoni imodzi sitimuyembekezera kuwaposa pa zokolola ndi imodzi yathunthu, koma ndi 0.8 chabe. Ndipo amene waposa anzake pa zokolola ndi imodzi, nayenso timamuganizira kuti pa feteleza anawaposa ndi 0.8 chabe. Mbali iliyonse imene mwayambira, kulosera kumabwerera pang'ono cha ku avareji. Kubwerera kuwiri kumeneku sikungakwane pamzere umodzi.

Francis Galton anakumana nazo zimenezi mu 1886 ku England, poyerekeza msinkhu wa makolo ndi wa ana awo akuluakulu 928. Makolo akakhala aatali kuposa avareji ndi inchi imodzi, ana awo ankaposa avareji ndi magawo awiri okha mwa atatu a inchi. Munthu akhoza kufulumira kunena kuti ndiye mtundu ukunka nufanana msinkhu. Koma atayambira kwa ana, anapeza kuti mwana woposa avareji ndi inchi imodzi makolo ake ankaposa ndi gawo limodzi lokha mwa atatu. Ana sangafupikitse makolo awo. Chimene chikuoneka apa ndi ubale wosakwanira pakati pa zinthu ziwiri, osati mphamvu ina yokokera anthu pakati.

Tibwerere kumunda, chifukwa apa ndi pamene anthu amapwetekera. Mlimi wa chisanu ndi chimodzi, wa m'gulu lomweli, wakolola matumba 30, ndipo mukufuna kuganizira feteleza amene anathira. Mukatenga `y = 8 + 4x` n'kuubweza chammbuyo mupeza matumba 5.5. Mzere wa x pa y ukupatsani 4.6. Woyenera apa ndi 4.6, chifukwa chimene mukudziwa ndi zokolola, ndipo zokolola zambiri chotere sizibwera ndi feteleza yekha. Mwina mvula inamukomera, mwina anabzala msanga, mwina nthaka yake ndi yabwino. Yankho la 5.5 likupereka ulemu wonse kwa feteleza. Njira yosavuta yodzigwirira nokha ndi kupita ndi kubwerera: ikani x = 5 mu mzere woyamba mupeza 28, ikani 28 mu wachiwiri mupeza 4.28, osati 5.

Koma funso likasintha n'kukhala lakuti "ndithire matumba angati kuti ndikolole 30?", mzere wa x pa y usakhudzidwe n'komwe. Iwo umafotokoza zimene alimi okolola 30 anachita, sunena zimene zingachitike inu mukasintha feteleza. Funso limeneli limafuna mzere wa y pa x wobwezedwa chammbuyo, ndipo limayankhika moona pokhapokha manambalawo atachokera ku minda yoyeserera, kumene wofufuza anagawa yekha milingo ya feteleza mwamaere. Ngati achokera kwa alimi amene anadzisankhira okha, silopu ya 4 ija yanyamulanso zina, monga zakuti wokwanitsa kugula feteleza wambiri nthawi zambiri amakwanitsanso mbewu yabwino ndi aganyu opalira. Komanso 5.5 wapitirira malire a manambala athu, omwe alekera pa 5, ndipo chimanga sichimangoonjezera zokolola mpaka kalekale.

M'minda yoyeserera yotereyi r ndi amene amachepa mphamvu. Wofufuza akatalikitsa milingo ya feteleza, `Sxx` amakula ndipo r amakwera, ngakhale chimanga chikumva feteleza monga kale. Akaifupikitsa, r amatsika. Silopu ya y pa x siyendera zimenezo, bola ubalewo ukhale wowongoka. Mbali inayi, silopu imamva miyezo: lembani zokolola m'makilogalamu, thumba lililonse makilogalamu 50, silopu ichoka pa 4 kufika pa 200, pamene r akhalabe 0.8. N'chifukwa chake silopu yaikulu si umboni wa ubale wolimba, ndipo r wamkulu sanena kuti thumba limodzi la feteleza likubweretsa zochuluka bwanji. Wofuna kudziwa ngati feteleza akubweza ndalama zake ayang'ane silopu. Wofuna kudziwa ngati kuloserako n'kodalirika ayang'ane r pamodzi ndi girafu ya madontho.

Nanga ngati palibe chimene mukulosera, monga poyerekeza masikelo awiri oyezera matumba omwewo, onse ophonya pang'ono? Apa mizere yonse iwiri imakondera, wina kuchepetsa silopu, wina kuikulitsa, ndipo yeniyeni imayembekezeka kukhala pakati pawo. Ena amatenga `sy / sx`, amene kwa ife ndi 5, koma ligireshoni ya Deming, yomwe imawerengera kuphonya kwa mbali zonse ziwiri, ndiyo yabwinopo ngati mukudziwa sikelo yophonya kwambiri ndi kuchuluka kwa kuphonyako.

Chomaliza ndi kampeni kobisika mu Excel momwemo. `SLOPE` ndi `INTERCEPT` amafuna y poyamba, x pambuyo, pamene girafu ya madontho imatenga danga lakumanzere ngati x. Mukasankha madanga motsatana mmene alili, A kenako B, girafu ikupatsani 4 koma `SLOPE` akupatsani 0.16, popanda chenjezo lililonse. Musanalembe nambalayo mu lipoti, chulukitsani `CORREL` ndi `STDEV.S` wa chimene mukulosera, mugawe ndi `STDEV.S` wa chinacho, muone ngati zikugwirizana.