Zaka zitatu ndikutumiza ndalama, umboni wake ndinachita kugula

Abale anga a ku Mangochi, makamaka inu amene muli ndi amuna kapena ana kuno ku Joni, imvani zomwe zinandionekera. Ine kwathu ndi ku Namwera, ndimasoka kuno ku Durban. Nyumba yathu inaima pa lintala, ndiye mayi akunyumba anapita kukapempha loni ya K3 miliyoni yoti tigule malata ndi matabwa. Mkulu wa ngongole uja anangoti mayi, inu simuli pa ntchito, mukuti bambo amatumiza mwezi ndi mwezi, tibweretsereni kalata yotsimikiza kuti ndalamazo zimabweradi, ya miyezi 6.

Ndinkaona ngati nkhani yaing'ono. Zaka zitatu ndakhala ndikupereka marandi 2,000 mwezi uliwonse kwa achimwene ena ake otumiza ndalama, mukuwadziwa aja umawapatsa pamanja kuno, kumudzi mnzawo n'kuponya pa foni. Pa 100 iliyonse ankadula 10, ndiye kuti marandi 200 pa mwezi, zaka zitatu adya 7,200 anga. Nditati achimwene mundilembereko kalata, yankho linali lakuti kalata ndi 350. Zoona?? Ndinalipira poti ndinali pa changu. Anati mawa, mawa linakhala masabata atatu, foni osayankha, ndipo chomwe chinabwera ndi chithunzi cha pepala pa watsapu chonena kuti bambo awa amatumiza ndalama kwa akazi awo, zonse pamodzi zakuti. Basi. Chidindo palibe, adiresi palibe, siginecha ngati nkhuku yapalasa.

Mayi anakwera galimoto kutsika phiri lija mpaka pa boma, kalata inakanidwa asanakhale n'komwe pansi. Chomwe sindinkadziwa n'choti a ngongole alibe nazo ntchito chiwerengero chonse pamodzi, iwo amafuna aone kuti pa 3 Malichi zinalowa zingati, pa 2 Epulo zingati, kuti adziwe ngati mwezi uliwonse pamapezeka yobwezera. Kenako amatenga masikuwo n'kufananiza ndi sitetimenti ya wolandira. Apa mpomwe tinagwera kachiwiri. Achimwene aja anawerengera makwacha onse pa reti ya tsiku lomwe ankalemba, chonsecho miyezi 6 ija inadutsa pa Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndiye kalata ikunena zambiri, sitetimenti ya pa foni ya mayi ikunena zochepa, komanso dzina la woponya likusintha mwezi uliwonse poti ankatuma anyamata osiyanasiyana. Zinangooneka ngati tapeka ife.

Anandithandiza ndi mayi wina wa pa kaunta ya kampani yotumiza ndalama yolembetsedwa, komwe ndinatumizirako kawiri kokha. Sanandinamize. Anati bambo, ine ndingakusindikizireni zokhazo zomwe zinadutsa muno, zina sindingawonjezere olo mutandipatsa ya fanta. Anasindikiza osandilipiritsa, n'kundilozera ndi cholembera zofunika kukhalapo: dzina langa monga lilili mu pasipoti ndi nambala yake, dzina la wolandira monga lilili pa chiphaso cha unzika, ndiye mzere uliwonse tsiku, marandi, makwacha omwe anatuluka ndi nambala ya risiti. Pamwamba dzina la kampani ndi foni yoti munthu akaimba iyankhidwe, chifukwa amaimbadi, pansi dzina la wosayina, udindo wake, deti ndi chidindo. Ndi yemweyo anaona kuti mayi akunyumba ndinawalembetsa ndi dzina la bambo anga pomwe pa chiphaso ali ndi la bambo awo. Akanapanda kuona bwenzi titabwezedwanso.

Ndinayambiranso, miyezi 6 kutumiza pa kaunta pomwepo, dzina limodzi, nambala imodzi, sabata yoyamba ya mwezi. Kalata ndinaipempha kutatsala masiku ochepa kuti tikapereke fomu, chifukwa ku ngongole kuja anatiuziratu kuti ya deti yakale salandira.

Ndiye inu anyamata a pa Chiponde ndi Katuli amene mumangoti ndikafika ku Joni mapepala ndikakonzera konko, mukakonza ndi chani? Mumalowa ndi masiku 30, mukapitirira masikuwo, pa Beitbridge amakudindani kuti musabwerenso kwa chaka kapena mpaka zaka 5. Bwana amakulipirani pamanja Lachisanu, payisilipi palibe, ndipo musalote kuti bwana amene anakulembani mulibe pemiti adzasayina pepala lovomera kuti amakulipirani, akudziwa kuti akudzipereka yekha. Wina akakuuzani kuti ndikupangirani kalata ya chidindo pa 500, mukafunsire viza kapena loni, foni ikaimbidwa yekhayo amazima, wotsala ndi pepala labodza m'manja ndinu.

Loni inatuluka patatha miyezi 8 kuchokera tsiku lomwe mayi anapita koyamba, ndipo anatipatsa K2 miliyoni osati 3. Malata anali atakwera kale, moti chipinda cha ana mpaka pano tinangofolera pulasitiki.