Musanakwere basi kudzajambulitsa mtima ku Lusaka, werengani izi

Abale a ku Chipata, Katete, Petauke ndi inu a kutsidya kwa Mchinji, pali mwambo watsopano woti munthu akangolandira penshoni kapena akagulitsa soya, abwere kuno "kudzachekedwa thupi lonse". Pa mndandanda wa zoyezazo pamakhala sikani ina ya CT yowerenga kashiamu m'mitsempha ya mtima, yomwe papepala imalembedwa CAC score kapena Agatston score. Sikaniyo ndi yabwino ndithu, koma imayankha funso limodzi lokha, ndipo ambiri amene akuilipira sakulidziwa funsolo.

Mtima uli ndi mitsempha yake yoimwetsa magazi. Mafuta akamaunjikana m'makoma a mitsemphayo kwa zaka zambiri, ena amauma n'kukhala ngati laimu wa pansi pa ketulo. Laimu ameneyu ndiye amaoneka woyera pa CT. Mumagona chagada, amakumatani timawaya ta ECG pachifuwa kuti makina azijambula pa nthawi imodzimodzi ya kugunda kulikonse, mumagwira mpweya masekondi ngati 10, basi mwatha. Sabaya jekeseni ndipo sathira mankhwala m'mtsempha. Cheza cha makina chimene mumalandira ndi chochepa, cha m'ma 1 mSv. Nambala imene imatuluka imanena kuchuluka kwa matenda amene aunjikana kale m'makoma a mitsempha, ndipo dokotala amaigwiritsa ntchito poyerekeza ngozi yodwala mtima kapena sitiroko pa zaka 10 zikubwerazi mwa munthu amene sakumva kupweteka kulikonse. Funso lake n'lakuti kodi munthuyu ayambe kumwa mankhwala otsitsa kolesitolo, aja amati masitatini, kapena adikire kaye.

Taonani zimene zinawachitikira bambo ena a zaka 57, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Katete. Sasuta, alibe shuga, samva kalikonse pachifuwa, ndipo njinga amapalasa bwinobwino. BP yawo inali 148/92, kolesitolo woipa uja wolembedwa LDL anali 3.6 mmol/L. Mwana wawo anawatumizira chithunzi cha chotsatsa cha malo ena oyezera kuno, cholembedwa kuti sikani ya mtima ndi K1,800. Anakwera basi usiku ulipo, n'kuyenda makilomita pafupifupi 500 ndi ndalama yoyeza bwino m'thumba. Pawindo anauzidwa kuti kutsegula fayilo ndi K250. Sangajambulidwe popanda kalata ya dokotala wa pomwepo, K600. Atajambulidwa anamva kuti K1,800 ija ndi ya makina okha, kuti wina awerenge zithunzizo n'kulemba lipoti ndi K450, ndipo kuziika pa sidi ndi K100 ina. Zonse pamodzi K3,200! Lipoti limene anati lituluka tsiku lomwelo linatuluka patapita masiku atatu, bambowo akugona pansi kwa mphwawo ku Chawama.

Chopweteka koposa chinali m'lipotimo. Munalibe nambala. Munangolembedwa kuti kashiamu wochepa waoneka m'mitsempha ya mtima. Anawajambula sikani wamba ya pachifuwa, opanda timawaya ta ECG tija. Sikani yoteroyo imatha kuonetsa kuti laimu alipo, ndipo zimenezo si zachabe, koma si zimene analipirira. Mtima sukhala phee, ndiye chithunzi chosatsatira kugunda chimapaka kadontho kamodzi n'kukhala mzere, kapena kukabisa kumene.

Munthu mmodzi yekha ndiye anawauza zoona, mayi wina wojambula pa malo achiwiri kumene anapita. Asanalandire ndalama anawafunsa kuti, "Bambo, munaikidwapo sitenti, kachitsulo kotsegula mtsempha, kapena kuchitidwa opaleshoni ya mtima? Mumamva kuthina pachifuwa mukamakwera chitunda? Nanga nambala ikatuluka yaikulu, mankhwala mudzamwa?" Anawalembera mtengo wonse papepala, lipoti lili momwemo, n'kuwauza kuti abwere mawa osamwa tiyi kapena khofi, chifukwa mtima ukamathamanga chithunzi chimagwedera. Mafunso atatu amenewo ngakhale inu dzifunseni muli kumudzi komweko. Wa sitenti sikaniyi simuthandiza, chifukwa chitsulo chimawala ngati kashiamu, komanso matenda ake ndi odziwika kale. Womva kuthina pachifuwa kapena kubanika akufunika dokotala lero, ndi kuyeza kwina. Ndipo amene watsimikiza kale kuti mapiritsi a tsiku ndi tsiku sadzamwa, asunge ndalama yakeyo agulire feteleza.

Kawerengedwe kake si kamatsenga. Njirayi anaifalitsa Arthur Agatston ndi anzake mu 1990. Makina amajambula mtima m'timagawo tokhuthala mamilimita 3. Pa kagawo kalikonse, kadontho kamawerengedwa ngati kuwala kwake kwafika 130 HU, muyeso wa kuwala pa CT, ndipo kukula kwake kwafika 1 mm². Kenaka kukulako amachulukitsa ndi nambala ya kulimba kwake: 1 ngati pamene pawala kwambiri pali pakati pa 130 ndi 199, 2 kuyambira 200 mpaka 299, 3 kuyambira 300 mpaka 399, ndi 4 kuyambira 400 kupita m'mwamba. Kwa aphunzitsi aja, mumtsempha wa kutsogolo kwa mtima, wolembedwa LAD, kagawo kamodzi kanali ndi dontho la 12 mm² lofika 310 HU, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 3 ndi 36. Kagawo kotsatira kanali ndi 15 mm² pa 420 HU, ndiye 60. Mumtsempha wa kumanja, RCA, munali 8 mm² pa 220 HU, ndiye 16. Kuphatikiza zonse, 112.

Chifukwa chake lipoti lenileni liyenera kuonetsa nambala ya mtsempha uliwonse, LM, LAD, LCX ndi RCA, kenaka chiwonkhetso. Kompyuta imapaka utoto chilichonse chowala, ndipo ndi munthu amene amasankha kuti ili ndi dontho la mumtsempha, ili ayi. Wowerenga wofulumira akhoza kuphatikiza laimu wa pa chitseko cha mtima, chimene chimaletsa magazi kubwerera m'mbuyo, kapena wa pa tsinde la mtsempha waukulu, nambala n'kukwera popanda chifukwa. Mukaona nambala yaikulu yonse yaunjikidwa pa LCX, mitsempha ina ili 0, funsani ngati aona bwino kuti si wa pa chitseko, chifukwa mtsemphawo umadutsa pafupi pomwepo.

Nanga 112 akutanthauzanji? Kafukufuku amene madokotala amadalira kwambiri ndi wa MESA, woyamba mu 2000 ku Amereka, wa anthu 6,814 a zaka 45 mpaka 84 amene analibe matenda a mtima odziwika. Zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti poyerekeza ndi a nambala 0, amene anali pakati pa 101 ndi 300 ngozi yawo ya matenda a mitsempha ya mtima inali yochuluka pafupifupi ka 8, ndipo opitirira 300 pafupifupi ka 10. Malangizo a madokotala a mtima a ku Amereka a mu 2018 amati sikaniyi ndi ya anthu a zaka 40 mpaka 75 amene ngozi yawo ya zaka 10, yowerengedwa kuchokera ku msinkhu, BP, kolesitolo ndi fodya, ili pakatikati, kuyambira 7.5 mpaka kuchepera 20 pa 100, ndipo dokotala ndi wodwala akukayika za sitatini. Aphunzitsi aja anali cha m'ma 10 pa 100, ndiye iwo analidi oyenera. Nambala ikafika 100, kukayika kumatha, sitatini ayambe. Pakati pa 1 ndi 99 sikelo imapendekera ku mankhwala, makamaka kuyambira zaka 55. Lipoti lina limaonetsanso pamene muli poyerekeza ndi anzanu a msinkhu wanu, chifukwa 40 kwa wa zaka 45 ndi nkhani yaikulu kuposa 40 kwa wa zaka 72. Kumbukirani kuti anthu oyerekezerawo ndi a ku Amereka, si a ku Msoro.

Apa ndi pamene msampha wachiwiri umatcheredwa. Munthu wagwira pepala la 112, nkhope yagwa, wina n'kumuuza kuti mitsempha yatsekeka, alipire sikani ina yothira mankhwala m'mtsempha lero lomwe. Nambala ya kashiamu sinena kuti mtsempha wapanikizika bwanji. Laimu amakhala m'khoma, ndipo magazi akhoza kumadutsa bwinobwino. Munthu wopanda zizindikiro wa nambala ngati imeneyi safunikira sitenti chifukwa cha nambalayo. Amafunika sitatini, BP itsike, mchere uchepe m'ndiwo. Aspirini musayambe nokha, amatha kuchititsa magazi kutuluka m'mimba. Sikaniyo imaonetsanso mbali ya mapapo, ndipo kuno kumene ambiri anadwalapo TB sikusowa kachipsera. Limenelo ndi khomo linanso la ndalama, choncho nenani msanga ngati munadwalapo.

Ena amabweranso chaka chamawa kudzaona ngati mankhwala "achotsa laimu". Ndalama zotaya. Laimu sachoka, ndipo sitatini amatha kukweza nambalayo chifukwa amaumitsa mafuta ofewa, omwe ndi amene amaphulika n'kutseka mtsempha. Choyeza kuti muone ngati mankhwala akugwira ndi LDL wa m'magazi.

Tsono inu amene mukulota zobwerera kumudzi ndi 0 kuti mukaonetse anzanu pa bawo, mverani. Ziro ndi nkhani yabwino zedi kwa munthu wa zaka 60, ndipo nthawi zambiri imalola kuti sitatini adikire, n'kudzayezanso pakapita zaka 5 kapena kuposerapo. Koma sikaniyi siona mafuta amene sanaume. Wa zaka 35 pafupifupi nthawi zonse amapeza 0, chifukwa laimu sanayambe, ndiye wagula yankho limene analidziwa kale. Malangizo omwe aja amati wosuta fodya, wa shuga, ndi amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwala mtima asanafike zaka 55, asatsamire pa ziro. Amene ali ndi HIV nawonso amakonda kukhala ndi mafuta osauma, ndipo kafukufuku wa REPRIEVE wa mu 2023 anapeza kuti sitatini anachepetsa ngozi za mtima ndi sitiroko ndi 35 pa 100 mwa anthu oterewa a zaka 40 mpaka 75. Iwo akambirane ndi dokotala wawo wa ma ARV asanaganize za basi.

Ndipo matenda a mtima amene adzaza zipatala zathu, BP yosasamalidwa, mtima wotupa, zitseko zoonongeka kuyambira paubwana, nambala iyi siyawayeza. Munthu akhoza kunyamula pepala la 0 m'chikwama BP yake ili 180/110, sitiroko n'kumugwetsa asanawoloke mlatho wa Luangwa. Yambani mwayezetsa BP, shuga ndi kolesitolo kufupi ndi kwanu. Dokotala akati muli pakatikati, imbani foni musananyamuke, mufunse ngati amamata ECG pojambula, ngati lipoti lidzakhala ndi nambala ya Agatston ya mtsempha uliwonse, kuti lituluka liti, ndipo mtengo wonse, fayilo, dokotala, lipoti ndi sidi, akutumizireni pa meseji.