Sikimu ya masamu ya K8,000 imene inandichititsa manyazi pamaso pa alangizi

Ndagwiritsa ntchito teremu yonse yachiwiri sikimu ya masamu a Sitandade 7, ndondomeko ya zophunzitsa sabata ndi sabata, imene ndinagula pa kashopu kosindikiza mapepala kaja ka ku Chitakale, pa mtengo wawo uja wa K8,000 phunziro limodzi. Mapepala ndi oyera bwino, zilembo n'zowerengeka, anamanganso ndi chikuto cholimba. Za maonekedwe ndilibe nazo mawu. Mawu anga ali pa masabata.

Teremu yathu inali ya masabata 13, ndipo amene analemba sikimuyi anadzaza mitu yatsopano m'masabata onse 13, kuyambira Lolemba lotsegulira mpaka Lachisanu lotsekera. Pa taimutebulo ya pasukulu pathu masamu ali ndi mapiriyodi 8 pa sabata, ndiye iye anawerengera mapiriyodi 104. Mphunzitsi amene anagwirapo choko sangawerengere choncho. Ine ndinalakwa posazindikira tsiku logula, chifukwa ndinangoona kuti mitu ya m'silabasi ilimo yonse, ndalama n'kupereka, kabaza n'kukwera.

Sabata yoyamba ana anabwera mwapatalipatali monga mwa masiku onse, ndipo masiku oyambawo tinathera kubwereza mayeso a teremu yatha. Sabata yachiwiri munagwa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe. Sikimu inali itaikapo phunziro. Kenaka mvula ya Febuluwale. Aliyense wa kuno akudziwa kuti ikagwa usiku wonse kuphiri, timitsinje timadzaza ndipo ana a kutsidya sawoloka. Umalowa m'kalasi la ana 86 n'kupezamo 30, ndiye sungayambe mutu watsopano, ungadzaubwerezenso mawa. Pofika sabata 6 ine ndinali ndikadali pa ntchito ya sabata 4.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chikundiwawabe. Pofuna kulingana ndi pepala, ndinathamangitsa mafulakishoni. Kugawa fulakishoni ndi fulakishoni inzake, kumene ana amafunika kukuchita mobwerezabwereza mpaka atamvetsa chifukwa chimene timatembenuzira yachiwiriyo, ndinakupatsa mapiriyodi awiri okha n'kudumphira ku madesimo. Ana anangoti “inde aphunzitsi”, ine n'kupitirira. Titafika pa maperesenti m'pamene chinaphulika. Mwana amene sakutha kuona kuti 3/4 ndi 0.75 n'chinthu chimodzi sangakuuzeni kuti ndi 75 peresenti. Ndinawapatsa kamayeso ka mafunso 10, ndipo amene anakhoza theka anali 19 okha. Ndinachonga makopewo pakhonde madzulo, mtima uli phaphapha.

Sabata 9 kunabwera alangizi a zoni yathu, mayi achikulire osakonda kukweza mawu. Anapempha sikimu. Anatsegula, n'kumatsitsa chala m'danga la masabata ndi madeti mwakachetechete, mpaka chinaima pa sabata imene munali 3 Malichi.

“Aphunzitsi, tsiku lokumbukira anthu ofera dziko lino inu munaphunzitsa ndani?”

Ndinasowa choyankha. Anatembenuza mapeji mpaka kumapeto, n'kufunsanso kuti, “Nanga mayeso otsekera teremu ana anu alemba liti, popeza sabata 12 ndi 13 mwaikamo mitu yatsopano?” Kenaka anayang'ana mbali yolembamo zimene zaphunzitsidwa, pamene ndinali nditalemba ndi dzanja langa kuti “sitinamalize” masabata anayi otsatizana. Ahedi anali ataima pakhomo, maso pansi, poti nawonso anasainira sikimu yomweyo. Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa sindinachitepo manyazi otere.

Mayiwo sanandikalipire. Anakoka benchi, anandiuza kuti nditenge kalendala ya sukulu ndi pensulo, n'kunena kuti sikimu imayambira kumapeto. Tinachotsa kaye masabata awiri omaliza, a mayeso, kuchonga ndi kulemba malipoti. Anatsala masabata 11, mapiriyodi 88. Tinachotsa 4 a sabata yoyamba, ndi 4 a maholide awiri aja chifukwa masiku onsewo anagwa pamene ndimakhala ndi masamu kawiri. Tinachotsanso 6 a timayeso titatu ta m'kati mwa teremu, chifukwa kamayeso kalikonse kamadya piriyodi yolemba ndi ina yokonza zolakwa. Pomaliza anati ndisiye 4 opanda kanthu, a mvula ndi maliro. Otsala anali 70. Pakati pa 104 ndi 70 pali mapiriyodi 34, masabata anayi ndi kanthu amene kulibeko. Sindinali kuchedwa ine ayi, ndinali kuthamangitsana ndi masabata a papepala.

Anandionetsanso kuti 70 amenewo sagawidwa mofanana. Mutu umene mitu ina yatsamirapo, monga mafulakishoni, umapatsidwa malo ambiri ndipo umabwera koyambirira. Mitu yoima payokha ndi imene imaikidwa kumapeto, kuti nthawi ikachepa isunthidwire ku teremu yachitatu popanda kugwetsa china. Sikimu yogulayi inapereka pafupifupi sabata imodzi ku mutu uliwonse, wovuta ndi wosavuta chimodzimodzi.

Loweruka lake ndinapita ku shopuko, sikimu ili m'manja. Mnyamata wa pakauntala sanadzutse n'komwe mutu pa foni. Ndikufotokoza, iye akuti, “Madala, ife timangopulinta. Ena onse sakudandaula.” Ndinamupempha kuti atsegule pa sabata 13 aone yekha, iye n'kukankhira pepalalo pambali kuti athandize wina wofuna fotokope. Mnyamata ameneyu sindinamukhululukire mpaka lero. Munthu wasiya ntchito zake, walipira kabaza kupita ndi kubwera pamatope, ndiye kumuyankha ngati wabwera kudzapempha mchere?

Chimene chinandifewetsa ndi bambo mwini shopuyo, amene anatulukira kumbuyo atamva mawu akwera. Anandipatsa mpando, anawerenga, n'kuvomera kuti sikimuyo inalembedwa kamodzi ndipo chaka chilichonse amangosintha madeti. Ndalama sanabweze, koma anandiikira failo yake pa fulashi mwaulere kuti ndizikonza ndekha. Ndipo ndinene chilungamo, nditakhala pansi kuikonza ndinapeza kuti m'kati mwake muli ntchito yabwino. Zizindikiro za kakhozedwe zinalembedwa momveka, chimodzichimodzi, zoti ukhoza kuyesa mwana n'kudziwa ngati wakhoza. Mapeji a buku la mphunzitsi ndi la ophunzira amene anatchula ndinawatsata onse, ndipo sindinapeze lolakwika. Zipangizo zimene analemba n'zopezeka kuno kwathu, zitsekerero za mabotolo, timitengo, mapepala opinda. Zimenezi kulemba wekha pamanja zimadya mausiku angapo.

Masabata awiri amene anatsala mayeso asanayambe ndinabwerera ku mafulakishoni ndi mapepala opinda aja, mitu iwiri yomaliza n'kuisunthira teremu yachitatu, ahedi atavomereza. Pa mayeso otsekera amene anakhoza theka anafika 41. Sizokondweretsa, komabe si 19.

Ndiye anzanga a ku Mulanje kuno ndi ku Thyolo amene mukundifunsa ngati mugule: gulani, koma pemphani ya pa fulashi, osati yomanga kale. Musanapereke ndalama tsegulani masabata awiri omaliza. Mukapezamo mitu yatsopano, dziwani kuti danga lonse la masabata mulilembanso nokha. Ya teremu yachitatu ndatenga kale, ndipo ndapezamo maphunziro pa 1 Meyi, pa 14 Meyi ndi pa 6 Julayi. Ndawauza bambo aja, ati akonza. Ndikapitanso ndidzafikira kwa iwo, osati pakauntala.