Nyale ya sola kapena palafini: ndalama zimabwerera liti?

Nyale ya palafini ndi yotsika mtengo pogula, koma imadya ndalama tsiku lililonse, ndipo foni imafunikabe kukatchajitsa kwina molipira. Nyale ya sola imafuna ndalama zambiri kamodzi, kenaka imawala ndi kutchaja foni popanda kulipiranso.

Kuti mudziwe nthawi yobwezera ndalama, phatikizani zimene mumawononga pa palafini ndi pa kutchajitsa foni pa sabata, kenaka mugawe mtengo wa nyaleyo ndi ndalama zimenezo. Ngati mtengo wa nyale ukufanana ndi ndalama za masabata 20, ndiye kuti pakatha pafupifupi miyezi 5 yadzilipira. Koma chiwerengerochi chimanama ngati palafini simunamusiyiretu. Banja limene likuyatsabe koloboyi m'chipinda china, n'kumapulumutsa theka lokha, lidzadikira masabata 40.

Pa kulimba, nyale ya palafini imakonzeka mosavuta posintha chingwe kapena galasi. Ya sola imadalira batire, limene limafooka m'kupita kwa zaka; mudzazindikira poona kuwala kukutha msanga ngakhale dzuwa linali lokwanira. Nyale yosalimba imene yafa isanadzilipire ndi kutaya ndalama, choncho ine ndimaona chitsimikizo cha wogulitsa kukhala chofunika kuposa kutsika mtengo. Dziwaninso kuti kutchaja foni kumachepetsa maola a kuwala, makamaka kukachita mitambo.

Sola ikuyenera banja loyatsa nyale usiku uliwonse ndi kutchajitsa foni kawirikawiri. Woyatsa mwa apo ndi apo adzachedwa kubweza ndalama zake.