Simenti ya kutsogolo ndi yabwino, koma yang'anani imene akukwezerani kuseri

Hadiweya ina ya pafupi ndi depoti, imene imatsitsako mtengo ukagula matumba opitirira 20, ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo yachitatuyo ndi ya mwini shopu, osati ya anyamata a kunkhokwe. Oda inali matumba 40 a simenti ya mphamvu ya 42.5N othirira silabu. Amene anaunjika pakhomo oonetsera makasitomala anali atsopano ndithu. Amene anatsika mu lole kusayiti anali ena: 9 olowa chinyontho, 6 a 32.5N obisidwa pakati pa mulu.

Mnyamata wokweza katundu anakana kwamtuwagalu. Akuti, "Bwana, simenti ikakhala pansi pa inzake imalimba choncho, ingoigubuduzani." Apa m'pamene amapusitsira anthu, chifukwa mawuwo ali ndi choonadi pang'ono. Thumba lapansi pa mulu wautali limatsenderekadi n'kuoneka ngati lauma, koma mukaligubuduza kawiri katatu limafewa, ndipo zibuluma zake zimafumbutuka mukazifinya ndi zala ziwiri. Simenti yotero ilibe vuto. Ya chinyontho ndi nkhani ina. Inayamba kale kugwira ili m'thumba, ndiye zibuluma zake zimakana chala, zimafuna mwala kapena hamala, ndipo mukaziswa zimakhala timiyala tokhakhala, osabwereranso kukhala ufa. Mphamvu imene inapita pamenepo sibwerera ngakhale musefe. Matumba 9 aja anali ouma gwa m'makona ndi mbali imodzi yokha, pepala lili ndi mabanga a madzi, kusonyeza kuti anagona pansi penipeni kapena anatsamira khoma nthawi ya dzinja. Simenti imayenera kukhala pa matabwa, motalikirako ndi khoma, mulu wosapitirira matumba 10.

Musanalipire, pitani nawo kuseriko mukasankhe nokha thumba la pakati pa mulu. Dinani makona onse anayi. Yang'anani tsiku limene anaipakira, ndipo ikapitirira miyezi itatu musaitengere silabu kapena mapilala. Akalola kutsegula limodzi, pisani dzanja mkati: simenti yabwino imamveka yozizirira, ndipo pakati pa zala imaterera ngati ufa woyera wosefa bwino. Ikamakanda ngati muli mchenga, kapena pakamwa pa thumba pakaoneka kuti anasokanso, ikani pa sikelo. Liyenera kukwana makilogalamu 50, komanso lizikhala ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS.

Za matumba 6 aja ndi zimene zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalama zake zinali za 42.5N. Nambala imeneyi si yokongoletsa thumba. Imanena mphamvu yochepetsetsa imene simentiyo iyenera kufika pakatha masiku 28. Ya 32.5 ndi yokwanira bwino pomangira njerwa, pulasitala ndi kusalaza pansi, ndipo amisiri ambiri amaikonda pa pulasitala chifukwa siwathamangitsa. Koma pa silabu, mabimu ndi mapilala pamene injiniya walemba 42.5, muyezo wa mchenga ndi miyala unawerengedwera simenti imeneyoyo. Mukalowetsapo 32.5 pa muyezo womwewo, konkire imatuluka yochepa mphamvu, ndipo zimenezi sizioneka ndi maso tsiku lothira. Chilembo cha kumapeto nachonso muziwerenga: N imalimba pa liwiro la masiku onse, R imapeza mphamvu msanga m'masiku oyambirira, n'chifukwa chake oumba mabuloko amaifuna. Pa fumbi la m'lole matumba a kampani imodzi amafanana, choncho pukutani n'kuwerenga nambala pa thumba lililonse likamatsika.

Chimene chinathetsa mkangano ndi kamayeso kophweka. Simenti pang'ono yochokera m'thumba lokayikitsa ndi ina ya thumba labwino, iliyonse kuikanda ndi madzi ochepa kukhala phala lolimba, kuiumba timabulu pa chidutswa cha lata, kuphimba ndi nsalu yonyowa pamthunzi. M'mawa mwake yabwino inali italimba moti chikhadabo sichinalowe, pamene inayo inkanyenyeka m'mbali ndi chala. Kamayeso aka sikakuuzani ngati simenti ndi 32.5 kapena 42.5, kamangoulula yakufa.

Pamenepo mwini shopu sanachite makani. Mayiwo anaona timabuluto, anakalowa okha kunkhokwe, nasintha matumba onse 15 popanda kulipiritsa thiransipoti. Obwera kachiwiriwo anali opakidwa mwezi womwewo, ndipo silabu inagwira bwino. Mnyamata uja akadali pomwepo, ndipo ndiye amasankhabe zokweza. Mukagula kumeneko, lisiti lilembedwe 42.5N momveka, ndipo musasayine pepala lolandirira katundu thumba lomaliza lisanatsike.