Ndemanga: mpando wosambirapo umene ndinagulira apongozi anga odwala mtima

Apongozi anga, amene timakhala nawo ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ali ndi matenda a mtima wofooka, ndipo amapita ku kiliniki ya pa chipatala chachikulu cha Mzuzu Central kukaonedwa ndi kulandira mankhwala. Mphatso imene ndinawagulira ndi mpando wosambirapo wa miyendo ya aluminiyamu, wokhala ndi chotsamira msana ndi zogwirira m'mbali, umene ndinaupeza m'sitolo ina yogulitsa zipangizo za chipatala m'tauni. Taugwiritsa ntchito kuyambira nyengo ya mvula mpaka kudutsa m'chisanu, choncho ndikulemba zimene ndaona ndi maso.

Munthu wa mtima wofooka amadzuka ndi mphamvu zowerengeka, ndipo kusamba kwa pa ndowa kumadya gawo lalikulu la mphamvuzo, chifukwa kumafuna kuima nthawi yaitali, kuwerama potunga madzi, ndi kukweza mikono pamwamba pa mutu. Zitatu zonsezi zinkawabweretsera befu, makamaka kuwerama. Amayi ankatuluka m'bafa ali wefuwefu n'kukagona mpaka masana, ndipo zitafika poti ine ndizilowa nawo kuti ndiziwagwirizira, anayamba kudumphitsa masiku osamba ponena kuti kukuzizira. Chifukwa chenicheni sichinali chisanu ayi. Mayi amene analera ana ake n'kuwakwatitsa sangakondwe kuvula pamaso pa mpongozi wake tsiku ndi tsiku, ngakhale mpongoziyo atakhala waulemu chotani, ndipo ine ndinafuna mphatso yoti iwabwezere chitseko chotseka.

Mpandowo ndi wopepuka moti ndimaunyamula ndi dzanja limodzi, koma ukakhala pansi sugwedera, chifukwa miyendo yake ndi yotagadza pang'ono ndipo kunsi kwake kuli mphira. Pokhalira ndi pa pulasitiki yolimba yokhala ndi timabowo totulutsa madzi. Mwendo uliwonse umatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa podina kabatani kachitsulo kamene kamalowa m'bowo, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino wake wonse. Wa fiziyo, katswiri wa kuchipatala wothandiza odwala kulimbitsa ndi kuyendetsa thupi, anatilangiza kuyeza kuchokera pansi mpaka kuseri kwa bondo, munthu ataima wosavala nsapato, ndipo kwa Amayi tinapeza masentimita 43. Tinaika mpando pa bowo loyandikira muyeso umenewo, cha kumtunda pang'ono. Mpando ukafupika kwambiri, kudzuka kumakhala ntchito yotopetsa mtima, ndipo ukatalika kwambiri mapazi amalendewera, munthu n'kumatsetserekera kutsogolo. Chizindikiro choti mwaika bwino ndi chakuti mapazi onse aponde pansi mokwanira, ntchafu zigone mowongoka, ndipo wodwala athe kudzuka pokankha zogwirira popanda kuyamba wadzigwedeza kangapo.

Zogwirira m'mbalizo ndi zimene zinandichititsa kulipira ndalama zoti zikanagula mipando ingapo ya pulasitiki ya pamsika, ndipo sindidandaula. Amayi amamwa mankhwala ochotsa madzi m'thupi, aja ambiri amawatchula kuti lasikisi, pamodzi ndi ena otsitsa kuthamanga kwa magazi. Madzi otentha amatakasa mitsempha ya pakhungu, kuthamanga kwa magazi n'kutsikirapo, ndipo munthu akadzuka mwadzidzidzi amachita chizungulire. Tsopano amasamba madzi ofunda chabe, amadzipukuta ndi kuvala ali chikhalire, kenako amadikira pang'ono atagwira zogwirirazo asanaimirire. Mpando wa pulasitiki wamba sungapirire zimenezi, pakuti miyendo yake imatereka pa simenti ya sopo ndipo imatagadzuka munthu akatsamira mbali imodzi.

Wogulitsa sanatiuze kuti mpando wokha suthetsa vuto la kuwerama ngati ndowa ikadali pansi. Tinapempha kalipentala wa m'dera lathu kuti atikhomere kabenchi kolimba, kotalika pafupifupi kufanana ndi mpandowo, ndipo ndowa imakhala pamenepo ku dzanja lamanja, pamodzi ndi sopo ndi kapu yaing'ono yotungira. Kapu yaikulu ikadzaza imalemera, ndipo kuikweza kambirimbiri kumatopetsa mikono. Mapazi, amene nthawi zina amatupa ndipo khungu lake silichedwa kuchita zilonda, amawaviika m'beseni n'kuwatsuka ndi kansalu kofewa komangirira ku ndodo.

Zolakwika zilipo, ndipo wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama. Pulasitiki ya pokhalira imazizira kwambiri m'mawa wa mwezi wa Juni ndi Julaye, ndipo ikapakika sopo imaterera, moti timayalapo thaulo lopinda limene timalinyowetsa ndi madzi ofunda Amayi asanalowe. Bafa lathu ndi la panja, pansi pake ndi potsetsereka kuti madzi azituluka, choncho mpando unkagwedera mpaka titaupezera ngodya imene miyendo yonse inayi imaponda mofanana. Simenti yokhakhala yadya mphira za kunsi msanga kuposa mmene ndinayembekezera, ndipo m'sitolo muja anandiuza kuti sagulitsa mphira pazokha, chinthu chimene chinandikhumudwitsa chifukwa mphira ikabooka chitsulo chimakhudza simenti ndipo mpando umayamba kutsetsereka. Ndimautembenuza kawirikawiri kuti ndione ngati mizere ya pa mphira ikadalipo. Aluminiyamu sachita dzimbiri, koma mabawuti omangira chotsamira msana ayamba kufiira, ndipo ndi chinyezi cha kuno ndere zimamera m'timabowo muja ngati mpando sukuumikidwa padzuwa. Yezaninso chitseko cha bafa musanagule, pakuti wathu umalowa chammbali, ndipo werengani pa chizindikiro chake kulemera kwa munthu amene ungathe kumunyamula.

Chimene sindinachikonde koposa ndi maonekedwe ake. Ndi woyera mbee ngati katundu wa m'wodi, ndipo mphatso yotere ikhoza kumveka ngati mukumuuza munthu kuti watha. Pa chifukwa chimenechi sindinaupereke pamaso pa alendo kapena pa zidzukulu. Ndinayamba ndakambirana nawo tili awiri, ndisanagule, ndipo ndinati, "Amayi, ndaona mpando woti muzisambirapo nokha popanda wina kukusokonezani. Ndibweretse muuyese, mukapanda kuukonda ndikabweza." Anayamba akana ponena kuti iwo sanapuwale, ndipo sindinawaumirize. Patapita masiku anandifunsa okha ngati mpando uja ukadalipo m'sitolo. Ndinaupereka pamodzi ndi chitenje chatsopano ndi mafuta odzola amene amawakonda, kuti mphatsoyo isakhale ya matenda okhaokha, ndipo ukauma timauika m'chipinda mwawo atauphimba ndi chitenje, osati pakhonde pamene aliyense wodutsa angauone.

Masiku ano ine ndimangowatengera madzi ku bafa, popeza ndowa yodzaza sayenera kuinyamula, kenako ndimakhala chapafupi pamene ndingamve akaitana. Chitseko amachikankha osakhoma loko, ndipo zimenezi tinagwirizana poyera kuti pakachitika kanthu tithe kulowa msanga. Akatuluka amapuma pang'ono, koma mphamvu zimatsalako zoti asadzule masamba kapena acheze ndi anzawo a kumpingo. Mpandowu suchiza mtima, ndipo tsiku limene befu lawonjezeka ngakhale ali chikhalire, kapena miyendo yatupa kuposa masiku onse, timapita nawo ku chipatala osati ku bafa.

Ndikuulimbikitsa kwa amene m'bale wawo amatha kukhala tsonga yekha ndi kudzuka pogwirira, koma amatopa msanga akaima. Kwa wodwala amene amagwera mbali akakhala, kapena amene amakomokakomoka, mpandowu si wokwanira kuti asiyidwe yekha m'bafa, ndipo ndi bwino kufunsa a fiziyo musanagule. Mukapita ku sitolo, tengani muyeso wa bondo ndi wa chitseko, khalanipo nokha mutsamire uku ndi uku, ndipo funsani ngati mphira zosinthira zimapezeka.