Valiyansi ndi sitandadi diviyeshoni: kusiyana kwake

Valiyansi ndi sitandadi diviyeshoni ndi njira ziwiri zoyezera kutalikirana kwa manambala ndi avereji yawo. Titenge kalasi ya ana asanu pasukulu ina ku Chipata, amene pamayeso a masamu apeza malikisi 40, 50, 60, 70 ndi 80, avereji yawo nkukhala 60. Tikachotsa 60 pa malikisi a mwana aliyense timapeza -20, -10, 0, 10 ndi 20, ndipo tikangowaphatikiza amatipatsa 0. Nchifukwa chake nambala iliyonse timaichulukitsa ndi iyo yomwe, nkupeza 400, 100, 0, 100 ndi 400. Zonse pamodzi ndi 1,000, ndipo tikagawa ndi 5 timapeza 200, yomwe ndi valiyansi.

Sitandadi diviyeshoni ndi sikweya ruti ya 200, ndiko kuti nambala imene tikaichulukitsa ndi iyo yomwe imatipatsa 200, ndipo ndi pafupifupi 14. Kwa woyamba kumene iyi ndiyo yomveka, chifukwa 14 ndi malikisi enieni osonyeza kutalikirana kwa ana ndi avereji, pomwe 200 sitingaiwerenge ngati malikisi.